M'bindikiro umene sunachitike: pamene mphamvu za boma zimathera pa nthawi ya mliri

Pa 14 Epulo 2020, boma la Malawi linalengeza kuti kuyambira pakati pa usiku wa pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi, masiku 21, aliyense abindikire pakhomo pake pofuna kuchepetsa kufala kwa Kovidi-19. Misika ikuluikulu imayenera kutsekedwa, mabizinesi amene sanali m'gulu la ntchito zofunika kwambiri amayenera kuyima, ndipo apolisi ndi asilikali ndiwo amayenera kuonetsetsa kuti anthu sakuyendayenda. Patangopita masiku awiri, mavenda ku Blantyre ndi ku Mzuzu anali kale m'misewu kudandaula kuti adzafa ndi njala matendawo asanawafike. Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, Jaji Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe anapereka chiletso. M'bindikirowo sunachitike ngakhale kwa ola limodzi.

Ambiri amaikumbukira nkhaniyi mwachidule kuti "khoti linakana m'bindikiro". Kunena choncho kumabisa chenicheni chimene chinachitika. Palibe jaji amene ananena kuti boma lilibe mphamvu zolimbana ndi mliri. Nkhani inali yakuti malamulo athu ali ndi makomo atatu olowera ku mphamvu zapadera, khomo lililonse lili ndi malire ake, ndipo boma linalowera pa khomo laling'ono litasenza katundu amene amangodutsa pa khomo lalikulu. Amene wawamvetsa makomo atatuwa atha kuyesa yekha lamulo lililonse limene lingadzalengezedwe pa wailesi mliri wina ukadzabwera, kaya ndi kolera kaya ndi wina umene sitinaumvepo.

Makomo atatu

Khomo loyamba ndi kulengeza kuti dziko, kapena dera lina, lagwidwa ndi ngozi. Ili ndi limene timalidziwa bwino chifukwa timalimva pafupifupi chaka chilichonse madzi akasefukira kapena mvula ikavuta. Pulezidenti Peter Mutharika analigwiritsa ntchito pa 20 Malichi 2020, matendawa asanapezeke n'komwe m'dziko muno, potsatira gawo 32 la lamulo la 1991 loona za kukonzekera ngozi ndi kupereka thandizo. Pansi pa lamulo limenelo, limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2023, pulezidenti ankalengeza yekha osapempha chilolezo kwa aphungu, chilengezocho chinkasindikizidwa mu Gazeti ya boma, chinkakhala miyezi itatu, ndipo iye mwini ankatha kuchiwonjezera. N'chosavuta kulengeza chifukwa mphamvu zake n'zochepa. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndalama, magalimoto, chakudya ndi antchito kuti thandizo lifike msanga, komanso kutsegula njira yopemphera thandizo kunja. Sichipatsa munthu aliyense mphamvu yoyimitsa ufulu umene uli m'malamulo aakulu a dziko.

Khomo lachiwiri ndi lamulo la zaumoyo, limene linalembedwa mu 1948, nthawi ya atsamunda. Gawo 31 la lamuloli limalola nduna ya zaumoyo kupanga malamulo ang'onoang'ono dera likaopsezedwa ndi nthenda yoopsa yofala msanga. Mukawerenga mndandanda wa zimene nduna ingalamule mumaona nthawi imene unalembedwa: kuika maliro mwamsanga, kuyendera nyumba ndi nyumba, kuthira mankhwala ophera tizilombo, kupha makoswe, kuletsa munthu kutuluka m'dera logwidwa ndi matenda asanapimidwe kapena asanakhale masiku angapo pamalo omuonera. Olembawo ankaganiza za nthomba kapena kolera yabuka m'boma limodzi. Sankaganiza za kutseka dziko lonse, odwala ndi amoyo omwe.

Khomo lachitatu ndi gawo 45 la malamulo aakulu a dziko, ndipo ili lokha ndi limene limalola boma kuyimitsa kaye ufulu wina wa anthu. Chifukwa cha mphamvu zimenezo, n'lovuta kutsegula, ndipo anachita kulikonza dala motero anthu amene anali atangotuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Pulezidenti sangalengeze yekha. Ayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Zifukwa zake ndi zinayi zokha: nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni, kapena ngozi yachilengedwe imene yakuta dera lalikulu. Chilengezocho chiyenera kunena dera lenileni limene kuli vutolo ndipo chilengezedwe poyera. Chimakhala masiku osaposa 21. Kuti chipitirire, pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, osati a okhawo amene abwera tsikulo, ndipo kuwonjezera kulikonse sikupitirira miyezi itatu.

Ngakhale khomoli litatseguka, si ufulu uliwonse umene ungayimitsidwe. Gawoli limatchula ochepa: ufulu wolankhula, wopeza nkhani, woyenda, wosonkhana, ndi mbali zina za ufulu wa munthu womangidwa. Palinso ufulu umene sukhudzidwa zivute zitani, monga ufulu wokhala ndi moyo, wosazunzidwa, woonedwa mofanana ndi ena pamaso pa lamulo, wa chikumbumtima ndi chipembedzo, komanso woti munthu wotsekeredwa aonekere ku khoti kuti boma lifotokoze chimene likumusungira. Wina akatsekeredwa pansi pa chilengezochi, wachibale kapena mnzake ayenera kuuzidwa pasanathe maola 48, dzina lake lisindikizidwe mu Gazeti pasanathe masiku 5, ndipo khoti liunike kutsekeredwako pasanathe masiku 10.

Chimene boma linachita mu Epulo 2020 n'chakuti linadutsa pa khomo lachiwiri. Nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Jappie Mhango, inasindikiza malamulo a Kovidi-19 kumayambiriro kwa mweziwo potsamira pa gawo 31, ndipo m'malamulo amenewo inadzipatsa mphamvu yolengeza m'bindikiro. Taonani kutalika kwake: masiku 21, ofanana ndendende ndi malire a gawo 45. Kukula kwa mphamvu kunali kwa khomo lachitatu, koma popanda komiti ya chitetezo, popanda voti ya aphungu, ndipo siginecha inali ya nduna imodzi.

Kuchepetsa ufulu ndi kuuyimitsa

Mlandu wonse unagona pa kusiyana kwa zinthu ziwirizi, choncho tiyeni tikhalepo pang'ono.

Boma limachepetsa ufulu wathu tsiku lililonse popanda kulengeza chilichonse, ndipo gawo 44 la malamulo aakulu a dziko limalola zimenezo likakwaniritsa zofunika zake. Kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, osati mawu a nduna pa msonkhano wa atolankhani. Kukhale koyenera pa nzeru, kovomerezeka pa miyezo ya dziko lapansi ya ufulu wa anthu, ndiponso kofunikadi m'dziko la demokalase. Lamulolo ligwire aliyense mofanana. Ndipo chachikulu pa zonse, lisachotse phata la ufuluwo mpaka kutsala dzina lokha.

Tengani mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande. Gawo 29 limamupatsa ufulu wochita bizinesi ndi kupeza zomudyetsa, gawo 39 ufulu woyenda. M'mawa amapikula tomato ndi ndalama zimene anagulitsa dzulo, madzulo amapatula za ufa, makala ndi ndiwo, zotsalazo ndiwo mpamba wa mawa. Alibe firiji, alibe malipiro a pamwezi. Lamulo likanena kuti avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno, pakhomo la msika pakhale ndowa ya madzi ndi sopo, mabenchi atalikirane, msika uzitseka 5 koloko madzulo, ufulu wake wachepa koma ulipo, chifukwa akugulitsabe. Boma likhoza kuteteza malamulo oterowo pansi pa gawo 44 litasonyeza kuti akugwirizana ndi mmene matendawo amafalira. Koma lamulo likanena kuti asatuluke pakhomo kwa masabata atatu ndipo palibe chimene apatsidwe, tomato amene wapikula amaola pasanathe sabata, mpamba amaudya, ndipo pofika sabata yachiwiri pakhomopo palibe chophika. Apo ufulu wake sunachepe ayi. Wachotsedwa, ndipo ufulu wokhala ndi moyo, umene ngakhale gawo 45 silingaukhudze, wayamba kugwedezeka.

Apa pali mfundo imene ambiri saiona. Ufulu wopeza zodyetsa banja suli pa mndandanda wa ufulu umene ungayimitsidwe pansi pa gawo 45. Ndiye kuti ngakhale boma likanatsata njira yonse, komiti n'kuvomereza, aphungu n'kuvota, likanatha kuletsa mayiyu kuyenda koma silikanamasuka ku funso lakuti adya chiyani. Thandizo la ndalama kapena chakudya pa nthawi ya m'bindikiro si chifundo cha boma. Ndi mbali ya zimene zimapangitsa kuti m'bindikirowo ukhale wovomerezeka.

Palinso gawo 58, limene ndi lalifupi koma lakuthwa. Limalola Nyumba ya Malamulo kupatsa nduna mphamvu yopanga malamulo ang'onoang'ono, pokhapokha akhale m'kati mwa zimene lamulo lalikululo latchula, ndipo akapangidwa aperekedwe ku Nyumbayo. Kenaka limanena kuti aphungu sangapatse wina aliyense mphamvu yopanga malamulo amene akhudza kwambiri ufulu wachibadwidwe. Ngakhale aphungu atafuna kuithawa ntchito imeneyi n'kuisiyira nduna, saloledwa. Lamulo lotsekera anthu mamiliyoni m'nyumba liyenera kukambidwa ndi kuvoteredwa ndi anthu amene anasankhidwa.

Mmene nkhani imayendera ku khoti

Amene anapita ku khoti anali a Esther Kathumba, a Monica Chang'anamuno, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC ndi nthambi ya Mpingo ndi Dziko ya Sinodi ya Livingstonia. Njira imene anatsata ndi yomweyo imene aliyense angatsate.

Choyamba ndi kusonyeza kuti nkhaniyo ikukukhudzani mokwanira. Gawo 15 limatsegulira khomo munthu kapena gulu limene lili ndi chidwi chokwanira pa kuteteza ufulu, ndipo n'chifukwa chake mabungwe amatha kulowa. Komabe mlandu umalimba ngati pakati pa odandaula pali munthu amene lamulolo limugunda mwachindunji. Pempho limapita ku bwalo lalikulu, chifukwa gawo 108 limapatsa bwalo limeneli mphamvu younika lamulo lililonse ndi chigamulo chilichonse cha boma. Pempholi liyenera kuperekedwa mwamsanga, osapitirira miyezi itatu chigamulo chiperekedwere, ngakhale khoti lingathe kuwonjezera nthawi pakakhala chifukwa chomveka. Jaji amayamba wapereka chilolezo choti mlandu upitirire, ataona kuti pali nkhani yoti n'kumva.

Pamodzi ndi pempho limenelo, odandaula amapemphanso chiletso chogwirizira, ndipo jaji amafunsa mafunso atatu. Kodi pali nkhani yaikulu yofunika kuzengedwa? Kodi chipepeso cha ndalama chingakonze zowonongekazo pambuyo pake? Kodi kupereka chiletso n'chilungamo poyerekeza mbali zonse ziwiri? Funso lachiwirilo ndi limene limalemera pa nkhani ngati iyi, chifukwa mwana amene wadwala ndi njala kwa masabata atatu simungamubwezere thanzi ndi cheke chobwera chaka chamawa. Chiletso cha pa 17 Epulo chinali cha masiku 7. Pa 28 Epulo jajiyo anachiwonjezera ndipo anatumiza nkhaniyo kwa mkulu wa majaji kuti aitsimikize ngati nkhani yokhudza malamulo aakulu a dziko. Nkhani ikatsimikizidwa motero imamvedwa ndi majaji osachepera atatu.

Tsiku lomwelo la 28 Epulo, Pulezidenti Mutharika analengeza kuti mabanja ovutika m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi. Mosaonjezera mawu, ndondomeko imene imayenera kulengezedwa limodzi ndi m'bindikiro inabwera patapita masabata awiri, khoti litalowererapo kale.

Majaji atatu anapereka chigamulo chawo pa 3 Sepitembala 2020. Chilengezo cha ngozi cha pa 20 Malichi sanachigwetse, koma anafotokoza kuti sichofanana ndi cha gawo 45 ndipo sichingakhale maziko oyimitsira ufulu. Za m'bindikiro anapeza kuti nduna inapyola mphamvu zimene gawo 31 la lamulo la zaumoyo limapereka, kuti malamulo ang'onoang'ono sangakhudze ufulu wachibadwidwe mozama chotero chifukwa gawo 58 likuletsa, ndiponso kuti kutsekera anthu popanda kuwakonzera chodya kunaopseza ufulu wawo wokhala ndi moyo ndi wopeza zosowa zawo. Analimbikitsanso Nyumba ya Malamulo kuti ipange lamulo latsopano loyenerana ndi miliri ya masiku ano.

Mukaona mmene mafunsowa anasanjidwira, muona kuti khoti silinayambe ndi funso lakuti m'bindikiro umathandiza kapena ayi. Majaji si madokotala, ndipo makhoti ambiri amapereka mpata waukulu kwa akatswiri a zaumoyo pa nkhani za sayansi. Funso loyamba limakhala lakuti wasayina ndani, ndipo mphamvuyo waitenga m'gawo liti. Lachiwiri, kodi zimene walamula zili pa mndandanda wa gawo limenelo. Lachitatu, kodi zasindikizidwa mu Gazeti ndi kuperekedwa ku Nyumba ya Malamulo. Lamulo likagwa pa mafunso amenewa, lagwa, ngakhale litakhala lanzeru chotani pa zaumoyo. Likapulumuka m'pamene khoti limafika pa kuyesa ngati n'loyenera, ndipo apo udindo umakhala wa boma kubweretsa umboni wolumbirira: chiwerengero cha odwala, mabedi ndi mpweya umene zipatala zili nawo, njira zina zofewerapo zimene zinaganiziridwa, ndi chifukwa chimene zinakanidwira. Gawo 43 limapatsanso munthu ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha boma chikukhudza ufulu wake. Boma limene silinalembe zifukwa zake pa tsiku lopanga chigamulo limavutika kwambiri kuzipeza pa tsiku la mlandu.

Pamene dongosololi limalephera

Chigamulocho chinali cholondola pa malamulo, koma chisatinamize kuti zonse zili bwino.

Vuto loyamba ndi nthawi. Kuchokera pa 17 Epulo kufika pa 3 Sepitembala ndi miyezi yoposa inayi. Pofika tsiku la chigamulo kunali kutachitika chisankho cha pa 23 Juni, boma linali litasintha, ndipo nduna yatsopano ya zaumoyo, a Khumbize Chiponda, inali itatulutsa kale malamulo ena mu Ogasiti. Chimene chinagwira ntchito yeniyeni ndi chiletso cha jaji mmodzi, choperekedwa mothamanga umboni wonse usanamvedwe. Nthawi imeneyo zinatha bwino. Koma mphamvu yomweyo ingathe kuyimitsa lamulo lofunikadi mliri uli pachimake, ndipo ngati boma silinakonzekere kubweretsa umboni wake m'masiku 7 oyambawo, anthu atha kufa nkhani ili m'mafayilo. Tisaiwalenso kuti mu Epulo 2020 dziko linali likuyembekezera chisankho chachibwereza khoti litathetsa cha 2019 pa 3 Febuluwale, ndipo ambiri ankakayikira kuti m'bindikirowo unali njira yozengerezera chisankhocho. Kaya zinali zoona kaya ayi, boma limene lazemba aphungu limakhala lilibe chosonyeza kuti cholinga chake n'choyera.

Vuto lachiwiri lili m'gawo 45 lenilenilo. Pa zifukwa zinayi zija, mliri sunatchulidwe. Kuti khomolo litseguke pa nthawi ya matenda, pamafunika kuvomereza kuti mliri ndi ngozi yachilengedwe yokuta dera lalikulu, ndipo odziwa malamulo amasiyana maganizo pa mfundoyi. Zotsatira zake n'zakuti boma limene lakumana ndi nthenda yopha msanga limapezeka pakati: lamulo la 1948 ndi laling'ono, gawo 45 n'lokayikitsa. Njira yoongoka ndi imene majaji analoza, yakuti aphungu apange lamulo lonena momveka kuti ndani angalamule chiyani, pa umboni wotani, kwa masiku angati, ndani awonjezere, ndipo thandizo la anthu otsekeredwa lichokera kuti. Mu 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa la 1991, koma limenelo likukhudza khomo loyamba. Funso la m'bindikiro lili pa khomo lachiwiri ndi lachitatu.

Vuto lachitatu n'lakuti khoti limangoona zimene labweretseredwa. Mu Januwale 2021 matendawa anabwera mwamphamvu, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lagwidwa ndi ngozi. Patapita masiku ochepa kunabwera lamulo loletsa kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, misika kutseka 5 koloko madzulo, ndi misonkhano yosapitirira anthu 50. Malamulo amenewa anali ofewa poyerekeza ndi a Epulo, ndipo akuonetsa kuti boma linamva phunziro lakuti anthu asiyidwe azigwira ntchito masana. Komabe kuletsa dziko lonse kuyenda usiku kumakhudza ufulu wa aliyense, ndipo funso la gawo 58 limayenera kufunsidwa chimodzimodzi: kodi izi n'zoti nduna ingalamule yokha? Anthu akachita mantha, maliro akachuluka, ofunsa mafunso otere amachepa, pamene ndi nthawi yomweyo imene mafunsowo amafunika kwambiri. Ntchito imeneyi simayenera kudikira munthu wolimba mtima wokhala ndi loya. Ndi ya komiti ya aphungu yoona za malamulo, imene iyenera kuwerenga lamulo laling'ono lililonse likangosindikizidwa n'kunena poyera ngati lapyola malire.

Mphamvu zapadera sizikhudza ufulu wokha, zimakhudzanso ndalama, ndipo kumeneko owunika ndi ena. Chilengezo cha ngozi chimafulumizitsa kutulutsa ndalama ndi kugula katundu, ndipo kufulumirako ndi kumene kumatsegula mipata. Mu Novembala 2020 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi a Martha Chizuma, inatulutsa lipoti losonyeza kuti pa ndalama zimene zinapita ku gulu lolumikizanitsa ntchito za Kovidi-19, pafupifupi K8 pa K10 iliyonse inathera ku maalawansi. Mu Epulo 2021, kafukufuku wa ofesi yowerengera chuma cha boma pa K6.2 biliyoni anapeza ndalama zosalongosoledwa ndi kugula kosatsata ndondomeko, anthu angapo anamangidwa ndipo nduna ya zantchito inachotsedwa pa udindo. Malipoti onsewa anabwera ndalama zitapita kale. Pa ufulu pali chiletso chimene chingayimitse chinthu chisanachitike, koma pa ndalama kuunika kwathu kumabwera m'mbuyo. Lamulo latsopano la miliri likamadzalembedwa, lidzafunika gawo lokakamiza kuti mwezi uliwonse chilengezo chili m'mphamvu, boma lizipereka ku komiti ya aphungu yoona za chuma cha boma ndi kusindikiza poyera ndalama zimene zatuluka, ofesi imene yalandira, kampani imene yapatsidwa kontirakiti ndi mtengo wa chinthu chilichonse chimene chagulidwa.